Maola atatu a msonkhano, mawu asanu ofunika: mugwiritse ntchito makina ati?

Tiyerekeze kuti mwalandira vidiyo ya msonkhano wa alimi, yotalika maola atatu ndi mphindi 10. Mkonzi akufuna mawu asanu okha amene atsogoleri analankhula pa nkhani ya feteleza, ndipo akuwafuna madzulo ano. Kulemba pamanja zonse zimene zinalankhulidwa kungakudyereni tsiku lathunthu ndi theka, chifukwa ola limodzi la zolankhula limatenga maola anayi kapena kupitirira kuti munthu alilembe bwino. Kuonera vidiyo yonse nakonso kutha madzulo onsewo. Apa ndi pamene mapulogalamu olemba okha mawu a munthu amathandiza.

Koma tiyambe tamvana chinthu chimodzi. Zimene makina alemba si mawu oti muike m'nkhani. Ntchito yake ndi kukuuzani mphindi imene munthu ananena chinthu, kuti mulumphire pamenepo n'kukamva ndi makutu anu. Mukavomereza zimenezi, kasankhidwe kanu kamasintha. Pulogalamu yolakwitsa mawu awiri pa khumi alionse koma yosonyeza nthawi molondola ndi yothandiza kwambiri kuposa yolemba Chingerezi chosalala popanda kusonyeza nthawi.

Zoyenera kuyang'ana musanasankhe

Choyamba ndi chinenero, ndipo kwa ife ndi chimene chimagamula pafupifupi zonse. Misonkhano yathu siyenda m'chinenero chimodzi. Mlendo wolemekezeka amawerenga zolemba zake m'Chingerezi, koma akafunsidwa funso lomukhudza amaika pepala pansi n'kuyankha m'Chichewa. Nthawi zambiri mawu oyenera kukhala mutu wa nkhani amatuluka pamenepo, pamalo pamene makina ambiri samva kanthu.

Chachiwiri ndi nthawi: kodi mzere uliwonse uli ndi ola, mphindi ndi sekondi yake? Chachitatu ndi chinsinsi. Njira zina zimafuna kuti mutumize fayilo yanu ku makompyuta a kampani ya kunja, ndipo ngati munthu amene munamujambula anakupemphani kuti dzina lake lisatuluke, njira zimenezo zagwa kale. Chachinayi ndi bandulo ndi magetsi.

Pa nkhani ya bandulo pali chinthu chimodzi chothandiza njira zambiri. Makina safuna chithunzi, amafuna mawu okha. Pulogalamu yaulere ya ffmpeg imachotsa mawu mu vidiyo n'kuwachepetsa motere:

```
ffmpeg -i msonkhano.mp4 -vn -ac 1 -ar 16000 -b:a 32k msonkhano.mp3
```

Vidiyo imene inali ya magigabayiti awiri kapena atatu imasanduka fayilo ya mamegabayiti pafupifupi 46 pa mphindi 190 zathu zija. Liwu la munthu limamvekabe bwino lomwe.

Njira yoyamba: mawu amene YouTube imalemba yokha

Mtengo: palibe cholipira. Ngati vidiyo ili kale pa YouTube, mumangotsegula pansi pake pamene pali kufotokoza, n'kudina Show transcript. Mawu amatuluka pambali ndi nthawi yake, ndipo mukadina mzere vidiyo imalumphira pomwepo. Pa kompyuta, Ctrl+F imafufuza m'mawuwo. Amene akufuna kuwasunga osakopera vidiyo angagwiritse ntchito pulogalamu ya yt-dlp, n'kuika linki ya vidiyoyo pamene palembedwa ADIRESI:

```
yt-dlp --skip-download --write-auto-subs --sub-langs en --convert-subs srt ADIRESI
```

Fayilo yake ndi yaing'ono kwambiri moti bandulo simva n'komwe.

Kupezeka: zimagwira pa foni ndi pa kompyuta. Vuto limabwera vidiyo ikakhala yanu. Muyenera kuikweza kaye, ndipo YouTube silandira fayilo ya mawu okha ngati mp3, imafuna vidiyo. Akaunti yosatsimikizidwa ndi nambala ya foni imaloledwa mphindi 15 zokha. Mukakweza, mawu satuluka nthawi yomweyo, ndipo nthawi zina satuluka n'komwe, makamaka ngati vidiyo ikuyamba ndi kanthawi katali kopanda wolankhula, ngati phokoso lachuluka kapena anthu akulankhulira pamodzi.

Kusamalira: palibe choika pa kompyuta yanu, kupatula yt-dlp imene imafuna kukonzedwanso pafupipafupi chifukwa YouTube imasinthasintha.

Zoopsa: makinawa akaganiza kuti vidiyo ndi ya Chingerezi, chilichonse amachimva ngati Chingerezi. Munthu akayamba Chichewa, amalemba mawu a Chingerezi omveka mofananako koma opanda mutu, kapena amangodumpha. Mayina a malo ndi a anthu amawapotoza. Komanso ngakhale mutaika vidiyo pa Private, yachokabe m'manja mwanu. Njirayi ndi yabwino pa zimene zili kale poyera, osati pa zimene munajambula mwachinsinsi.

Njira yachiwiri: Transcribe ya mu Microsoft Word, ndi ena olipiritsa

Mtengo: imabwera ndi Microsoft 365 yolipira. Ngati ofesi yanu kapena sukulu imalipira kale, simuonjezera kanthu. Muyezo wake wanthawi zonse ndi mphindi 300 za mafayilo okwezedwa pa mwezi, choncho msonkhano wathu umodzi wadya kale 190, kwatsala 110. Makampani ena ogulitsa ntchito yomweyi amalipiritsa pa mwezi m'madola, ndipo gawo lawo laulere limakhala ndi malire a kutalika kwa fayilo amene msonkhano wa maola atatu sungakwane. Onani malirewo musanataye bandulo pokweza.

Kupezeka: mumatsegula Word pa intaneti, kupita pa Dictate, kusankha Transcribe, kenako Upload audio. Imalandira mp3, wav, m4a ndi mp4. Pafunika netiweki yosadukaduka pa nthawi yokweza, ndiye apa kuchepetsa fayilo kuja kumapulumutsa. Amene akufuna kudzilipirira yekha amafunika khadi yolipirira kunja, chinthu chimene si aliyense ali nacho.

Kusamalira: kochepa. Mafayilo amakakhala mu OneDrive, malo a Microsoft osungirako mafayilo pa intaneti, m'foda ya Transcribed Files, ndipo amakhalabe momwemo mpaka mutawafufuta nokha. Ambiri amaiwala.

Ubwino weniweni wa njirayi ndi wakuti imasiyanitsa olankhula. Imalemba Speaker 1, Speaker 2, ndipo mukhoza kusintha n'kuikapo mayina. Pa msonkhano wa anthu asanu ndi mmodzi okhala kutsogolo, zimenezi zimathandiza kudumpha wotsogolera mwambo n'kungotsata munthu amene mukumufuna.

Zoopsa: ubwino womwewo ndiwo msampha. Anthu akamapatsirana maikolofoni imodzi, kapena wina akadula mnzake pakamwa, makina amasokoneza, ndipo chiganizo cha wofunsa chimakalowa pansi pa dzina la woyankha. Kulakwitsa liwu limodzi n'kochititsa manyazi, koma kuika mawu m'kamwa mwa munthu amene sanawanene kukhoza kukufikitsani kubwalo la milandu. Pa Chichewa, tsegulani kabokosi kosankhira chinenero musanakweze kanthu. Chinenero chimene sichili pa mndandandawo makina sachimva, ngakhale otsatsa anene kuti amamva zinenero zambirimbiri.

Njira yachitatu: Whisper pa kompyuta yanu

Apa ndichedwapo, chifukwa ndi njira imene ndimaiona yamphamvu kwa mtolankhani, komanso ndi imene imanama mwaluso kwambiri.

Whisper ndi pulogalamu yolemba mawu olankhulidwa imene inatulutsidwa ndi kampani ya OpenAI mu 2022, itaphunzitsidwa pa maola 680,000 a zolankhula. Ili ndi zinenero pafupifupi 100, kuphatikizapo Chiswahili, Chishona ndi Chilingala, koma Chichewa mulibe.

Mtengo: pulogalamuyo ndi yaulere ndipo mukhoza kuigwiritsa ntchito ngakhale pa malonda. Mumalipira bandulo yokopera kamodzi kokha. Imabwera m'misinkhu yosiyana: tiny ndi ya mamegabayiti pafupifupi 75, small pafupifupi 470, medium gigabayiti imodzi ndi theka, large pafupifupi magigabayiti atatu. Pa ntchito yongofufuza malo m'Chingerezi chomveka bwino, small imakwana. Kwa Chingerezi cha kwathu kuno cholankhulidwa m'holo yochita chiunda, medium imamva bwinoko. Amene safuna kuyendetsa pa kompyuta yake akhoza kutumiza fayilo ku kampaniyo pa mtengo wa madola 0.006 pa mphindi, kutanthauza dola imodzi ndi masenti 14 pa msonkhano wathu, koma fayilo isapitirire mamegabayiti 25, ndiye yathu iyenera kudulidwa pawiri, ndipo chinsinsi chija chatha.

Kupezeka: ikangoikidwa sifunanso intaneti. Lamulo lake ndi ili:

```
whisper msonkhano.mp3 --model small --language English --output_format srt
```

Pa laputopu wamba yopanda khadi lamphamvu la zithunzi imachedwa, ndipo medium ikhoza kutenga nthawi yaitali kuposa msonkhano weniweniwo. Musangoganizira. Dulani mphindi 10, yesani, muone nthawi imene yatenga, muchulukitse ka 19. Ngati yankho lake likupitirira nthawi imene batire lanu limasunga moto, dulani fayilo m'zigawo za theka la ola, kuti magetsi akazima musayambirenso pachiyambi. Pali mtundu wina wotchedwa whisper.cpp umene unapangidwa kuti uzithamanga bwino pa makompyuta wamba.

Kusamalira: pafunika ffmpeg ndi Python, chinenero cholembera mapulogalamu, komanso munthu wosaopa kulemba malamulo pa kompyuta. Tsiku loyamba limavuta. Pambuyo pake sifuna kanthu.

Zoopsa: Whisper imamvera zidutswa za masekondi 30, ndipo pa chidutswa chilichonse imayesetsa kutulutsa chiganizo chomveka. Ikapanda kumva, simalemba kuti sinamve, imapeka. Pa nthawi yopuma, anthu akumwa tiyi, ikhoza kulemba mawu othokoza owonera ngati amene amanenedwa kumapeto kwa mavidiyo a pa intaneti. Munthu akayamba Chichewa ikhoza kutulutsa Chingerezi chooneka bwino, chokhala ndi mpumiro ndi mpatuliro m'malo mwake, chimene munthuyo sananene. Za YouTube zikalakwika zimaoneka kuti zalakwika, pamene izi zimabwera zitavala suti.

Pali zizindikiro zake. Mzere umodzi ukabwerezedwa kasanu kapena kakhumi motsatizana, makina asochera. Nkhani ikadumpha mwadzidzidzi kuchoka pa feteleza kupita pa zinthu zosagwirizana, kapena mizere ikakhala ya masekondi 30 ndendende koma mawu ake ochepa, pamenepo pali chinachake chimene sanamve. Kuonjezera `--condition_on_previous_text False` pa lamulo lija kumachepetsa kubwereza, chifukwa makina amasiya kudalira zimene analemba pa chidutswa chapitacho. Ndipo `--initial_prompt` imakulolani kuwapatsiratu mayina a anthu ndi malo kuti awalembe molondola, ngakhale imathandiza makamaka kumayambiriro kwa fayilo. Musasiye kutchula chinenero: mukapanda kutero imachisankha yokha pomvera masekondi 30 oyamba, ndipo ngati msonkhano unatsegulidwa ndi pemphero la Chichewa, ikhoza kuganiza kuti zonse ndi Chiswahili kapena Chishona n'kuononga fayilo yonse. Whisper payokha sisiyanitsa olankhula.

Njira yachinayi: MMS, ya zojambulidwa za Chichewa

Mu 2023 kampani ya Meta inatulutsa MMS, makina omva zinenero zoposa 1,100, ndipo Chichewa chilimo pansi pa chizindikiro cha `nya`. Mwa njira zinayi zino, ndi yokhayi imene inaphunzitsidwadi chinenero chathu.

Mtengo: yaulere, koma chilolezo chake, CC-BY-NC 4.0, sichilola kuigwiritsa ntchito pochita malonda. Wophunzira wa pa yunivesite alibe nazo vuto. Wayilesi kapena nyuzipepala yochita bizinesi iyenera kuganizira kaye. Mtundu waukulu, mms-1b-all, ndi wa magigabayiti pafupifupi anayi.

Kupezeka: ilibe batani loti mungodina. Pafunika wodziwa Python, kapena kuiyendetsa pa Google Colab, makompyuta a Google ogwiritsa ntchito kudzera pa intaneti, pamene fayilo yanu imachokanso m'manja mwanu.

Kusamalira: ndi yovuta kuposa zonse. Siimeza fayilo ya maola atatu nthawi imodzi, ndipo simatulutsa yokha fayilo yokhala ndi nthawi ngati Whisper. Njira yosavuta ndi kudula mawu m'zidutswa za mphindi imodzi:

```
ffmpeg -i msonkhano.mp3 -f segment -segment_time 60 chidutswa%03d.wav
```

Mudzapeza mafayilo 190, ndipo nambala ya fayilo ndiyo mphindi yake: chidutswa097.wav chikuyambira pa mphindi 97.

Zoopsa: gawo lalikulu la zimene inaphunzira linachokera kwa anthu owerenga Baibulo, m'chipinda chopanda phokoso, pang'onopang'ono, m'Chichewa cha m'buku. Mlimi wokwiya wolankhula mothamanga, akusakaniza Chingerezi, si munthu amene makinawa anamuzolowera. Mawu amatuluka m'zilembo zazing'ono zokhazokha, opanda mpumiro, ena olumikizana, ena odukaduka. Manambala ndi mawu a Chingerezi amasokonekera kwambiri. Chabwino chake n'chakuti imalemba zimene khutu lake lamva, chilembo ndi chilembo, choncho ikalakwa mumaona msanga, ndipo sipeka ziganizo zathunthu.

Kufufuza m'Chichewa kuli ndi luso lake. Mneni wathu amasintha kutsogolo ndi kumbuyo, ndiye musafufuze liwu lathunthu. Mukafufuza "kugula" mudzaphonya "tinagula", "adzagulitsa" ndi "sitigula". Fufuzani tsinde, "gul". Kumbukiraninso kuti l ndi r zimasinthana, moti "feteleza" ndi "fetereza" zonse zikhoza kutuluka m'fayilo imodzi. Ndipo samalani ndi kukana: kusiyana kwa "tigula" ndi "sitigula" ndi kachidutswa kamodzi ka liwu, kamene kamamezeka mosavuta munthu akatsokomola pafupi ndi maikolofoni.

Msonkhano wathu uja, kuyambira poyamba

Tibwerere kwa alimi aja. Tinene kuti mwasankha Whisper, ndipo mwapeza msonkhano.srt, fayilo ya mawu onse ndi nthawi zake. Muli mawu pafupifupi 25,000, amene kuwawerenga onse kungatenge maola ena awiri, ndiye simuwerenga, mufufuza.

```
grep -n -i -B 1 -E "fertili|kwacha|million|percent|we will" msonkhano.srt
```

Chigawo cha `-B 1` chimasonyezanso mzere wapamwamba, pamene pali nthawi. Amene sakonda malamulo otere akhoza kutsegula fayiloyo mu Notepad n'kugwiritsa ntchito Ctrl+F, liwu limodzi limodzi. Taonani mtundu wa mawu amene tafufuza. Mutu wa nkhani wokha sukwanira, chifukwa feteleza anatchulidwa mwina ka 60. Mawu oyenera kugwidwa amakhala pamene mutuwo wakumana ndi nambala, tsiku, lonjezo kapena kukana. Fufuzaninso "question", kuti mupeze pamene nthawi ya mafunso inayambira. Zolankhula zokonzeratu mukhoza kuzipempha papepala, koma mayankho a mafunso ali mu vidiyo mokha.

Tinene kuti malo 40 atuluka, ndipo powerenga mizere yozungulira mwasankha asanu ndi anayi. Tsopano chitani chinthu chimene ambiri sachita: tsetserekani m'fayilo yonse mothamanga, osawerenga, mukungoyang'ana pamene mawu asanduka zopanda mutu kapena akubwerezabwereza. Lembani nthawi zake. Malo ena mwa amenewo ndi nthawi ya tiyi, koma ena ndi pamene wolankhula anatembenukira ku Chichewa. Kulephera kwa makina kwakuuzani poti mumvere. Tinene kuti mwapeza malo asanu otere, a mphindi zitatu aliwonse.

Pa malo asanu ndi anayi aja, yambani kumvera mphindi imodzi mzerewo usanafike ndipo mupitirize mphindi imodzi utadutsa. Zonse ndi mphindi 18. Kuphatikiza mphindi 15 za Chichewa zija, mwamvera mphindi 33 m'malo mwa 190. Mphindi ya kumbuyoyo musaidumphe. Tinene kuti pa 01:37:20 makina alemba kuti mtengo wa thumba utsika mwezi wamawa. Mukabwerera m'mbuyo pang'ono mukhoza kumva wolankhula akunena kuti anthu ena akufalitsa mphekesera yakuti mtengo utsika, ndipo iye akuitsutsa. Makina sanalakwitse liwu ngakhale limodzi, koma mukanangokopera mzerewo mukanalemba zosemphana ndi zimene ananena.

Nambala iliyonse imvereni kawiri. M'Chingerezi 15 ndi 50, kapena 13 ndi 30, zimamveka pafupifupi chimodzimodzi, ndipo makina amasankha imodzi mosakayika. Yang'ananinso chithunzi kuti muone amene wagwira maikolofoni. Mukakhutira, lembani mawuwo nokha monga mwawamvera, ndipo dulani kachigawo ka vidiyo kuti musunge ngati umboni:

```
ffmpeg -ss 01:36:20 -to 01:38:20 -i msonkhano.mp4 -c copy umboni1.mp4
```

Njira imeneyi ili ndi malire amene palibe pulogalamu mwa zinayizi ingawachotse. Kufufuza kumapeza zimene munaziganizira kale. Nthabwala yobaya, kanthawi kamene munthu anakhala chete asanayankhe, kung'ung'udza kwa anthu m'holo, zonsezi sizilembedwa. Ngati nkhani yanu ndi ya mmene msonkhano unayendera, osati za feteleza zokha, onerani nthawi ya mafunso yonse, ngakhale mothamangitsa pa 1.5x.

Njira iti kwa ndani

Ngati vidiyo ili kale pa YouTube, yalankhulidwa m'Chingerezi, ndipo muli ndi foni yokha, tsegulani Show transcript basi. Palibe chifukwa chovutikira ndi zina.

Ngati muli mu ofesi yolipira Microsoft 365, zojambulidwazo si zachinsinsi, ndipo olankhula ndi ambiri moti mukufuna kutsata mmodzi, gwiritsani ntchito Transcribe, mukuwerengera mphindi 300 zija kuti zisakuthereni pakati pa mwezi.

Ngati munajambula munthu amene mukumuteteza, kapena ntchito yotereyi mumaichita sabata iliyonse, ikani Whisper pa laputopu yanu. Ndi yoyeneranso pa misonkhano yosakaniza zinenero imene Chingerezi chikuchuluka, bola muzikumbukira kukamvera malo onse amene yasochera.

Ngati zojambulidwa ndi za Chichewa chokhachokha, zomveka bwino, za munthu mmodzi pafupi ndi maikolofoni, monga ulaliki, phunziro kapena kucheza ndi agogo pa kafukufuku, ndipo muli ndi maola makumi angapo oti mufufuzemo, MMS ndi yoyenera kuivutikira. Koma ngati ndi fayilo imodzi yokha ya Chichewa, ya msonkhano wa panja pamene mphepo ikuwomba, nthawi yoika pulogalamuyo ndi yaitali kuposa yomvera. Valani mahedifoni, thamangitsani pa 1.5x, tengani cholembera muzilemba nthawi pamene mwamva chinthu, ndipo mphindi 190 zija zidzatha pa maola awiri ndi mphindi zisanu ndi ziwiri.